Phunziro: Zimene Mowa wa Zaka Zambiri Umachita ku Ubongo

Kuledzera kwa usiku umodzi tonse timakudziwa. Lilime limalemera, miyendo imadzandira, m'mawa munthu amadzuka ndi matsire, koma pofika masana wabwerera mwakale. Phunziro la lero likukhudza munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka 10, 20 kapena 30, amene ubongo wake subwereranso mwakale ngakhale tsiku limene sanalaweko dontho.

Mowa umawononga ubongo wa munthu wotere m'njira ziwiri, ndipo ndikufuna kuti muzitha kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi yapang'onopang'ono: ubongo umafota chaka ndi chaka, ndipo munthu akasiya kumwa, mbali ina ya zowonongekazo imakonzeka. Yachiwiri ndi yadzidzidzi: ubongo umasowa vitamini B1, ndipo m'masiku ochepa chabe munthu akhoza kutaya mphamvu yokumbukira zinthu zatsopano mpaka kalekale. Njira yachiwiriyi ndi imene imaphonyedwa kawirikawiri, pakhomo ngakhalenso kuchipatala, choncho tikhalapo nthawi yaitali.

Tiyambe ndi muyezo

Mawu akuti "amamwa kwambiri" satithandiza, chifukwa aliyense amadziyerekeza ndi mnzake womwa kuposa iye. Madokotala a ku Mangalande amawerenga mowa m'mayuniti. Yuniti imodzi ndi mamililita 10 a mowa weniweni, wopanda madzi kapena china chilichonse. Kawerengedwe kake nkosavuta: chulukitsani mamililita a chakumwacho ndi peresenti yolembedwa pabotolo, kenako gawani ndi 1000.

Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti limatipatsa mayuniti 1.65. Amene amamwa mabotolo awiri otere madzulo alionse, ndipo amaoneka munthu wodziletsa pamaso pa anzake, amafika mayuniti 23 pa sabata. Chiyambire 2016, malangizo a ku Mangalande amati mwamuna kapena mkazi asapitirire mayuniti 14 pa sabata, omwe ndi mabotolo asanu ndi atatu ndi theka. Sungani nambala ziwirizi, 14 ndi 23, tizifunanso. Kachasu ndiye wovuta kuwerenga, pakuti alibe chizindikiro pabotolo ndipo ukali wake umasiyana mtchezi ndi mtchezi.

Njira yoyamba: kufota kwa ubongo

Mowa ukalowa m'magazi umafika ku ubongo m'mphindi zochepa. Kumeneko umalimbikitsa timadzi timene timaziziritsa maselo a ubongo, ndipo umafooketsa timadzi timene timawadzutsa. N'chifukwa chake woledzera amachedwa kuganiza ndi kuyankha. Ubongo ukamalandira mowa tsiku ndi tsiku umadzisintha kuti uzigwirabe ntchito, ndipo umakweza mphamvu ya timadzi todzutsa tija. Munthu amayamba kunyadira kuti iye saledzera msanga. Kunena zoona, kusaledzera msangako ndi umboni wakuti ubongo wasintha kale.

Pamene zaka zikupita, mnofu wa ubongo umachepa. Madokotala akajambula mkati mwa mutu wa munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, amaona kuti mikwingwirima ya pamwamba pa ubongo yakula ndipo timapanga ta madzi tapakati pake tafutukuka, chifukwa madzi adzaza malo amene panali mnofu. Chimene chimachepa kwambiri ndi mbali yoyera ya ubongo, yomwe ndi mitsempha yolumikiza zigawo zosiyanasiyana. Mauthenga amayendabe, koma mochedwa.

Kufotaku sikugwira zigawo zonse mofanana. Chigawo choyamba kuvutika ndi cha kutsogolo, kuseri kwa mphumi, chimene chimatithandiza kukonza mapulani, kudziletsa, ndi kuona mapeto a chinthu tisanachichite. Chikafooka, achibale sanena kuti munthuyu akuiwala. Amati wasintha khalidwe. Mmisiri amene kale ankadziwa kuwerengera matabwa ndi misomali ya ntchito yonse amayamba ntchito zitatu osamaliza ngakhale imodzi. Amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amalankhula zosayenera pamaso pa apongozi, ndalama ya feteleza amaithera tsiku limodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigawo chimenechi ndi chomwe munthu amafunikira kuti atsimikize mtima kusiya mowa. Tikamamudzudzula kuti alibe khama, tizikumbukira kuti mowa wagwira pomwe pamachokera khamalo.

Chigawo chachiwiri ndi kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamene kamayendetsa thupi kuti lisapendekeke. Kakawonongeka, munthu amayenda motangadza miyendo ndipo amadzandira ngakhale asanamwe. Chachitatu ndi kachigawo ka mkati, kufupi ndi makutu, kotchedwa hipokampasi, kamene kamathandiza kusunga zinthu zatsopano m'mutu.

Za hipokampasi tili ndi umboni wabwino. Akatswiri a pa yunivesite ya Oxford, motsogozedwa ndi Anya Topiwala, anatsatira anthu 550 ogwira ntchito m'boma ku London, amene kamwedwe kawo kankalembedwa kuyambira 1985 kwa zaka 30, kenako anajambula ubongo wawo. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Poyerekeza ndi osamwa, amene ankapitirira mayuniti 30 pa sabata anali ndi chiopsezo pafupifupi kasanu ndi kamodzi chakuti kachigawoka kafote. Amene ankamwa mayuniti 14 mpaka 21 anali ndi chiopsezo choposa katatu. Munthu wathu wa mabotolo awiri patsiku uja, wa mayuniti 23, wadutsa kale gulu lachiwirili. Awa sanali zidakwa zogona m'ngalande, anali anthu a m'maofesi. Kafukufuku wotere satsimikizira kuti mowa wokha ndiwo wachititsa zonse, koma chiopsezo chinkakwera limodzi ndi kuchuluka kwa mowa, ndipo zimenezi n'zovuta kuzinyalanyaza.

Ubongo wofota umabweretsanso ngozi ina. Ukachepa, timitsempha ta magazi tolumikiza ubongo ndi chikopa cha mkati mwa chigaza timakokeka, ndipo timaduka mosavuta munthu akagwa. Magazi amadontha pang'onopang'ono n'kuundana, ndipo patapita milungu munthu amayamba kusokonezeka, kumva mutu ndi kufooka mbali imodzi, pamene aliyense anaiwala kale za kugwako. Vutoli limachizika ndi opaleshoni likadziwika msanga.

Njira yachiwiri: ubongo ukasowa vitamini B1

Ubongo ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse. Mphamvuzo umazitenga mu shuga wa m'magazi, ndipo kuti selo lisandutse shuga kukhala mphamvu limafunikira vitamini B1, amene dzina lake lina ndi thayamini. Munthu wamkulu amafunikira kupitirira pang'ono miligalamu imodzi patsiku. Thupi limasunga pafupifupi mamiligalamu 30 okha, ndipo munthu akaleka kumulandira, amatha m'milungu iwiri kapena itatu.

Mowa umamulanda munthu vitamini ameneyu mbali zonse. Womwa kwambiri sadya mokwanira, chifukwa mowa umapha njala ndipo ndalama ya ndiwo imathera kumowa. Kachakudya kamene wadyako, matumbo ake sayamwamo thayamini bwino. Chiwindi chotopa sichimusunga. Ndipo akayamba kusanza, ngakhale wochepa amene analipo amasowa womubwezeretsa.

Pano kadyedwe kathu kakukhudzidwa mwachindunji. Mu chimanga, thayamini amakhala kwambiri m'gaga ndi m'kamtima ka njere. Tikakonola chimanga, n'kuchiviika, n'kuchitsuka kuti tipeze ufa woyera, gawo lalikulu la vitaminiyu limapita ndi madeya ndi madzi. Mgaiwa umamusunga. Nyemba, mtedza ndi nyama ya nkhumba zilinso naye wambiri. Munthu amene chakudya chake cha tsiku ndi nsima ya ufa woyera, kandiwo kochepa ndi kachasu ali pafupi kwambiri ndi ngoziyi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 52, mmisiri wa matabwa. Kwa zaka zambiri wakhala akumwa kabotolo ka mamililita 300 ka kachasu tsiku lililonse. Tikati ukali wake ndi 40 peresenti, ndiye kuti ndi mayuniti 12 patsiku, 84 pa sabata, kasanu ndi kamodzi kuposa malire aja a 14. Mwezi uno m'mimba mwavuta, wakhala akusanza kwa milungu iwiri, ndipo phala lokha ndi limene likulowa. M'mawa wina mkazi wake akuona kuti bamboyu sakudziwa tsiku, akungoti duu, ndipo akaimirira akugwira khoma. Akudandaula kuti akuona zinthu ziwiriziwiri. Akamuuza kuti ayang'ane kumbali, maso akugwedezeka mothamanga, ndipo diso limodzi silikufika kumapeto.

Zizindikiro zitatuzi, kusokonezeka, kudzandira ndi vuto la kayendedwe ka maso, anazifotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Jeremani, Carl Wernicke, mu 1881, ndipo matendawa amatchedwa ndi dzina lake. Chimene chikuchitika mkati n'chakuti tizigawo ta pakati penipeni pa ubongo, timene timadya mphamvu zambiri, tayamba kutupa ndi kufa chifukwa chosowa thayamini.

Pakhomo paja anthu aganiza chiyani? Ena ati waledzera monga mwa masiku onse, agone adzuke. Ena ati ndi malungo akumutu. Ena ati walodzedwa, ndipo tsiku lonse lithera pokambirana za kwa sing'anga. Ngakhale kuchipatala matendawa amaphonyeka. Clive Harper, dokotala wopima mitembo ku Perth m'dziko la Ositireliya, anafalitsa mu 1986 zimene anapeza mwa anthu 131 amene ubongo wawo unaonetsa matendawa atamwalira. Pa anthu 100 alionse, 80 matendawa sanadziwike ali moyo, ndipo 16 okha ndi amene anali ndi zizindikiro zonse zitatu. Choncho musadikire kuti zitatuzo zikwane. Munthu womwa kwambiri, wosadya bwino, akasokonezeka mutu, aganiziridwe matendawa mpaka zitatsimikizika kuti si amenewo.

Mankhwala ake ndi thayamini yemweyo, ndipo ndi wotchipa. Koma mapiritsi sakwanira pa nthawi imeneyi, poti matumbo a wodwalayo sakuyamwa bwino. Amaperekedwa kudzera mumtsempha, wambiri, mamiligalamu 200 mpaka 500 katatu patsiku kwa masiku angapo. Pali msampha umodzi umene ogwira ntchito zachipatala amaphunzitsidwa kupewa: kumuika wodwala wotere dilipi ya shuga popanda thayamini. Shugayo amatha kumaliza kavitamini kotsalako ndipo matenda amakula. Ngati shuga wa m'magazi watsika, amaperekedwabe mwachangu, koma thayamini amapita naye limodzi. Mankhwala akafika msanga, maso amayamba kukonzeka m'maola ochepa kapena m'masiku angapo, ndipo kusokonezeka kumachepa m'milungu yotsatira.

Tinene kuti bambo wathu wafika kuchipatala mochedwa, patatha sabata. Wapulumuka, akudya, akulankhula bwinobwino, ndipo achibale akusangalala kuti wachira. Namwino akubwera m'mawa, akumupatsa moni n'kumuuza dzina lake. Akutuluka, ndipo patapita mphindi khumi akubweranso.

"Bambo, mwandikumbukira?"

"Pepani mayi, kodi tinaonanapo? Kapena ndinu a ku tchalitchi kwathu?"

"Nanga dzulo munali kuti?"

"Dzulo ndinali kumsika, ndimakagula matabwa a chitseko cha aphunzitsi."

Bamboyu wagona pa bedi limenelo masiku asanu ndi awiri. Sakunama mwadala. Ubongo wake wapeza mpata wopanda kanthu ndipo wautseka ndi nkhani yakale, ndipo iye akukhulupirira zimene wanenazo. Mukamufunsa za ukwati wake kapena za mmisiri amene anamuphunzitsa ntchito, afotokoza mwatsatanetsatane, ngakhale zaka zaposachedwa zikhoza kukhala ndi mipata. Zili ngati kaundula wa mudzi amene mlembi wake wachoka: masamba akale akuwerengeka, koma palibe akulembamo za lero. Vuto la kuiwala limeneli analifotokoza ndi dokotala wa ku Rasha, Sergei Korsakoff, mu 1887.

Mwa omwa mowa amene apulumuka matenda a Wernicke, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amatsala ndi vuto la Korsakoff. Mwa amenewa, pafupifupi mmodzi mwa anayi amachira bwino, theka amapezako bwino pang'ono, ndipo mmodzi mwa anayi sasintha. Kusiyana kwa bambo wobwerera ku ntchito yake ndi bambo wofunika womuyang'anira moyo wake wonse kungakhale masiku ochepa ochedwera pakhomo. Dziko la Ositireliya linaona vutoli kukhala lalikulu moti mu 1991 linalamula kuti ufa wophikira buledi uzithiridwa thayamini, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti matendawa achepa.

Nanga dimenshiya?

Dimenshiya si nthenda imodzi. Ndi dzina la mkhalidwe umene kuganiza, kukumbukira ndi kulingalira kwa munthu kwafooka mpaka sangathenso kudziyendetsera moyo wa tsiku ndi tsiku. Zoyambitsa zake n'zambiri, ndipo chodziwika kwambiri ndi matenda a Alzheimer. Mowa umafikitsa munthu pamenepa kudzera m'kufota kuja ndi m'kusowa thayamini kuja, komanso pokweza kuthamanga kwa magazi, kumene kumabweretsa sitiroko, ndiponso kudzera m'kuvulala m'mutu pogwa, pomenyana kapena pa ngozi zapamsewu.

Umboni waukulu unachokera ku Falansa mu 2018. Ofufuza anaunika zolembedwa za akuluakulu oposa 31 miliyoni amene anagonekedwa m'zipatala pakati pa 2008 ndi 2013. Anapeza kuti kumwa mwauchidakwa kunkachulukitsa chiopsezo cha dimenshiya koposa katatu. Chochititsa mantha kwambiri chinali mwa anthu amene anadwala asanakwanitse zaka 65. Analipo pafupifupi 57,000, ndipo 57 mwa 100 alionse anali ndi vuto la mowa. Mu 2020 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linaika kumwa kopitirira mayuniti 21 pa sabata pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa dimenshiya zimene zingapewedwe.

Mwina munamvapo kuti kumwa pang'ono kumateteza ubongo. Mfundoyi inabwera chifukwa m'kafukufuku wina osamwa konse ankaoneka odwala kuposa omwa pang'ono. Koma m'gulu la osamwa mumalowanso anthu amene anasiya mowa chifukwa chodwala kale, ndipo iwowa amalipangitsa gululo kuoneka lodwala. Ine sindingalangize munthu aliyense kuyamba kumwa kuti ateteze ubongo wake.

Dimenshiya ya mowa imasiyana ndi ya Alzheimer m'njira zimene banja lingathe kuziona. Imakonda kuyamba msanga, m'zaka za m'ma 40 ndi 50. Imayambira pa khalidwe, mapulani ndi mayendedwe, pamene mawu ndi mayina a zinthu amakhalapobe. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Alzheimer amapitirirabe kukula zivute zitani, pamene ya mowa imatha kuima, nthawi zina n'kubwererako, munthu akasiya kumwa. Pa chifukwa chimenechi madokotala amadikira kuti munthu akhale pafupifupi miyezi iwiri osamwa asanagamule kuti ali ndi dimenshiya ya mowa.

Munthu akasiya kumwa

Zithunzi za ubongo zimaonetsa kuti mnofu umayamba kubwerera m'milungu yoyambirira munthu atasiya mowa, ndipo umapitirira kwa miyezi. Izi zimatheka chifukwa kufota kwambiri sikuchokera ku imfa ya maselo okha. Maselo ambiri amangonyala ndi kutaya nthambi zawo, ndipo nthambizo zimatha kuphukanso. Kutchera khutu, kufulumira kuganiza ndi kukumbukira zimakonzeka pang'onopang'ono, ndipo ambiri amafunika chaka chathunthu kapena kupitirira. Maselo amene anafa, makamaka a m'kaubongo ka kunkhongo ndi a pakati pa ubongo amene anafa ndi kusowa thayamini, sabwereranso. Kudzandira n'chifukwa chake kumakonda kutsalira.

Kasiyidwe kake nakonso nkofunika kusamala. Kumbukirani kuti ubongo wa womwa tsiku ndi tsiku unakweza timadzi todzutsa maselo. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, timadzito timatsala topanda chotiletsa. M'maola 6 mpaka 48 munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, ndipo ena amagwa ngati akhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka kotheratu, amaona tizilombo pakhoma, thupi limatentha, ndipo popanda chithandizo akhoza kufa. Kusiya ndi kuyambiranso mobwerezabwereza kumachititsa kuti zizindikirozi zizikula ulendo uliwonse. Munthu ngati bambo wathu wa mayuniti 84 pa sabata asamutsekere m'nyumba kuti asiye mokakamiza. Asiye moyang'aniridwa ndi achipatala, amene amapereka mankhwala oziziritsa ubongo kwa masiku angapo pamodzi ndi thayamini. Chipatala cha boma chapafupi ndi poyambira, ndipo chithandizo chapadera cha vuto la mowa chimapezeka ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mukaperekeza munthu wotere kuchipatala, musabise kamwedwe kake chifukwa cha manyazi. Auzeni adokotala mtundu wa mowa umene amamwa, kuchuluka kwake patsiku, ndi nthawi imene anamwa komaliza. Nenaninso kuti wakhala masiku angati osadya bwino kapena akusanza, ngati anagwapo n'kumenyetsa mutu m'miyezi yapitayi, ndi tsiku limene kusokonezekako kunayamba. Ndipo funsani mwachindunji ngati walandira jakisoni wa vitamini B1.